Tameriki ndi tsabola wakuda: ine maso anachita chikasu

"Abale, ndikumva kuti tameriki salowa m'thupi ukapanda kuthira tsabola wakuda. Ndi zoona? Nanga pophika ndizithira wochuluka bwanji? Wina wandiuza kuti masupuni akuluakulu awiri a tameriki tsiku lililonse."

Achemwali, masupuni akuluakulu awiriwo ayi, chonde ayi. Ndawerenga funso lanuli mpaka mtima wanga wachita kuti phwii, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandigoneka ine m'chipatala masiku 6. Amene wakuuzaniyo mumufunse ngati akudziwa kumene chiwindi chili.

Ine chinayamba ndi bondo. Linkandipweteka ndikamakwera masitepe, ndiye mayi wina amene tinkagwira naye ntchito, wogulitsa timabotolo ta mankhwala owonjezera mphamvu, anandigwira pakhomo la ofesi n'kundiuza kuti vuto langa ndi kutupa kwa m'kati, ndipo tameriki ndiye mdani wake. Anandigulitsa makapisozi. Pabotolo panalembedwa kuti kapisozi mmodzi ali ndi mamiligalamu 500 a kekumini, chinthu chachikasu chija cha mu tameriki, komanso mamiligalamu 5 a piperini, chimene chimawawitsa tsabola wakuda. Anati ndizimwa atatu patsiku. Anawonjezeranso kuti m'mawa uliwonse ndizisungunula supuni yaikulu ya ufa wa tameriki m'madzi ofunda, n'kuwazamo tsabola wambiri "kuti zilowe bwino". Ine n'kumvera ngati mwana wa sukulu.

Patatha pafupifupi miyezi iwiri ndinayamba kutopa kosadziwika bwino. Chakudya chinkandinyansa, fungo la mafuta okazingira linkandichititsa nseru. Kenaka kuyabwa. Abale, kuyabwa kwake si kwa udzudzu ayi, kumachokera m'kati mwa khungu, m'manja ndi kumapazi, usiku osagona, ndinkadzikanda ndi chipeso mpaka magazi. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi n'kumatuluka chotuwa. Ndinamuimbira mayi uja. Mukudziwa anati chiyani? Akuti ndi poizoni akutuluka m'thupi, ndipitirize, mwinanso ndiwonjezere kapisozi mmodzi. Ndinapitiriza sabata ina yathunthu. Kupusa kumeneko ndimadzida nako mpaka lero.

Tsiku limene sindidzaiwala, ndinali kutsuka mano m'mawa, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ataima pambali panga kudikira mswachi wake. Anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Amayi, maso anu afanana ndi zija mumamwa zija." Ndinakoka chikope ndi chala. Poyera ponse pa diso panali pachikasu, chikasu chenicheni. Mswachi unagwa m'manja, miyendo inachita lende, ndinakhala pansi pomwepo m'bafa thovu lili kukamwa. Mwana n'kuyamba kulira poganiza kuti walakwa kunena. Ku chipatala anatenga magazi, ndipo adokotala atabwera ndi pepala anandifunsa katatu konse ngati ndimamwa mowa. Ine mowa sindinaulawepo. Anandionetsa nambala ya ALT, imene imakwera chiwindi chikavulala. Anati kwa munthu wabwinobwino imakhala cha m'ma 40 kapena kutsika, yanga inali itadutsa 900. Anayeza tizilombo toyambitsa matenda a chiwindi, sanapeze. Anaunika pamimba kuona ngati pali mwala wotseka njira ya ndulu, panalibe. Ndiye anafunsa kuti, "Mayi, kupatula mankhwala a kuchipatala, pali china chimene mukumwa?" Ndinatulutsa botolo m'chikwama mwamanyazi. Anawerenga kumbuyo kwake, n'kulibweza patebulo mwakachetechete. Anandiletsa zonse tsiku lomwelo, ndipo panatenga miyezi itatu kuti nambala ija ibwerere m'malo mwake.

Mayi uja sanabwere kudzandiona n'komwe. Nditatuluka anandiuza kuti thupi langa ndi lofooka kale, makasitomala ake ena sadandaula. Anafunsanso ngati botolo lotsalalo ndingamubwezere kuti agulitse kwa wina! Anthu awa amaloweza mawu amodzi okha, "2000 peresenti", n'kumawaimba paliponse ngati nyimbo, koma afunseni kuti nambalayo inachokera kuti, kukamwa yasa.

Ine nditagona pabedi paja ndinaifufuza. Inachokera ku kafukufuku wa mu 1998 amene anachitikira ku St. John's Medical College mumzinda wa Bangalore ku India. Anthu ochepa chabe, osapitirira 10, anamwetsedwa magalamu 2 a kekumini. Atamwa yekha, m'magazi mwawo munapezeka wochepetsetsa, ena osaoneka n'komwe. Atamwa pamodzi ndi mamiligalamu 20 a piperini, wopezeka m'magazi anakwera maulendo pafupifupi 20, ndiye 2000 peresenti yotchukayo. Choncho kunena kuti tsabola amathandiza si bodza. Koma taganizani, kanthu kakang'onong'ono ukakachulukitsa ka 20 kamakhalabe kakang'ono, ndipo kukwerako kunali kwa nthawi yochepa, mkati mwa ola loyamba, kenaka n'kutsika. Chinanso chimene ogulitsa satchula n'chakuti mmodzi mwa olemba kafukufukuyo anali mwini kampani yopanga piperini wogulitsa. Ndipo kupezeka kwa chinthu m'magazi si umboni woti bondo lapola. Anayeza magazi, sanayeze mabondo.

Mmene tsabolayo amagwirira ntchito ndi pamene pali nkhani yonse. Thupi limamuona kekumini ngati mlendo wosafunika. Matumbo ndi chiwindi zimamumata kachizindikiro kuti asungunuke m'madzi, atayidwe msanga kudzera mu ndulu ndi mkodzo. Piperini amachedwetsa ntchito yomatayo, ndiye mlendo amakhalitsa. Vuto n'lakuti piperini sasankha. Alonda omwewo amene iye amawagoneka ndi amenenso amachotsa mankhwala ena a kuchipatala m'thupi. Zinaonekapo kuti piperini amakweza mlingo wa fenitoini ndi kabamazepini, mankhwala a khunyu, komanso nevirapini, mankhwala a HIV. Apa sindikunena za tsabola wowaza pachakudya, ndikunena za piperini woyengedwa wa m'makapisozi womwa tsiku ndi tsiku.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa masamu awa ndikanawachita poyamba sindikanagona m'chipatala. Ufa wa tameriki uli ndi kekumini pafupifupi 3 peresenti yokha. Supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza mopitirira imanyamula ufa wokwana magalamu ngati 3, ndiye kuti muli kekumini mamiligalamu pafupifupi 90. Kuti mufike pa magalamu 2 a mu kafukufuku uja mufunika masupuni aang'ono opitirira 20 nthawi imodzi. Palibe mphika wa munthu wanzeru umene umalandira zimenezo. Koma mbali ya tsabola njosavuta: piperini amakhala pafupifupi 5 peresenti ya tsabola wakuda, ndiye mamiligalamu 20 aja ndi tsabola wosakwana n'theka lomwe la galamu, kamene mungatsine kawiri kapena katatu ndi zala. Choncho amene amakhuthulira tsabola wodzaza supuni m'kapu akungodziotcha m'mimba pachabe.

Komiti ya akatswiri ya WHO ndi FAO inaika malire a kekumini amene munthu angadye tsiku lililonse popanda nkhawa: mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linavomereza mlingo womwewo mu 2010. Ine ndinkalemera makilogalamu 70, malire anga anali mamiligalamu 210, kapena kuti masupuni aang'ono awiri ndi kakang'ono a ufa. Nanga ndinkamwa zingati? Makapisozi atatu ndi 1,500, kuphatikiza supuni yaikulu ya m'mawa ija, inanso pafupifupi 270. Kupitirira malire ka 8, ndi piperini pamwamba wotsekera pakhomo kuti zisatuluke. Masupuni akuluakulu awiri amene mwauzidwawo ndi aang'ono 6, kekumini wopitirira mamiligalamu 500. Pokhapokha ngati mumalemera makilogalamu 180, mwadutsa kale.

Ndinene chilungamo, adokotala anandiuza kuti si aliyense amene amadwala chonchi, ambiri amamwa makapisozi osaona kanthu, ndipo pali anthu ena amene chibadwa cha thupi lawo chimawaika pangozi kuposa anzawo. Koma simungadziwiretu kuti inu muli mbali iti. Ndipo sindili ndekha. Ku Italy mu 2019 anthu angapo anadwala chiwindi chifukwa cha makapisozi a tameriki mpaka boma linalowererapo, ndipo ku Australia mu 2023 bungwe loona za mankhwala linachenjeza anthu za zomwezi.

Ndiye muziphika bwanji? Museka, koma ine tameriki ndinabwerera kumuthira mumphika, ndi tsabola wakuda yemwe. Adokotala anachita kukwinya nkhope nditawauza, anati kwa ine bola kusamala kwambiri, ndiye musatengere ine ngati munadwalapo chiwindi. Kwa munthu wabwinobwino, theka la supuni yaing'ono mpaka supuni yaing'ono imodzi ya tameriki mumphika wa anthu anayi n'zokwanira. Aliyense amapeza kekumini mamiligalamu osapitirira 23, kutali kwambiri ndi malire aja. Mukapitirira apo lilime lenilenilo limakuuzani, chakudya chimawawa ndi kununkha dothi. Muzimuthira m'mafuta otentha pang'ono, pamodzi ndi anyezi, kwa theka la mphindi musanathire madzi, chifukwa kekumini sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. Madzi ofunda amene ndinkamwa aja, ufa wambiri unkangotsalira pansi pa kapu ndi m'mano. Moto ukachuluka ufa umapserera msanga n'kuda, ukatero mwautaya. Tsabola muzitsina kawiri, wongopera kumene, chakumapeto kwa kuphika. Thirani ndithu, amathandizako pang'ono kulowa kuja, komanso ziwirizi zimakoma limodzi. Kungoti musamayembekezere kuti mphika umenewo uchiza nyamakazi.

Ngati muli ndi miyala mu ndulu, tameriki wambiri amafinyitsa ndulu ndipo ululu wake mungaukumbuke. Ngati munakhalapo ndi miyala mu impso, dziwani kuti tameriki ali ndi okisaleti wambiri, chimene chimapanga miyala yambiri ya mu impso. Amene ali pa walifarini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, amayi oyembekezera, ndi amene akudikira opaleshoni, za makapisozi asayerekeze asanafunse adokotala awo. Ine ndikanati makapisozi onse atayidwe m'dzenje, komabe mchemwali wanga amamwa mmodzi patsiku, wopanda piperini, adokotala ake akudziwa ndipo amamuyeza magazi, akuti zala zake zikupepukirako. Sindimuletsa, ndimangomuyang'ana m'maso tikakumana.

Bondo lija, mwa njira, linali kachichereŵechereŵe kong'ambika. Linapola ndi mafizo a miyezi iwiri.