Kamera ikuoneka pakhomo pokha, ndikachoka zii

"Ndagula kamera yachitetezo ndipo ndailumikiza ku waifai ya kunyumba. Ndikakhala pakhomo imaoneka bwinobwino pa foni, koma ndikangotuluka pageti, basi palibe chooneka. Mnzanga akuti nditsegule poti pa rauta. Ndiyambire pati?"

Imelo yanuyi inandiseketsa ndekhandekha, chifukwa malangizo a mnzanuwo ndi omwe anandisowetsa tulo masiku atatu. Inenso ndinamvera munthu wolankhula motsimikiza ngati iyeyo. Ndinalowa mu rauta, ndinapeza polembedwa Port Forwarding, pomwe amatsegulira mapoti, timakomo tomwe wochokera kunja amalowera mu netiweki ya m'nyumba, ndinalozetsa poti 554 ndi 80 ku kamera yanga yomwe inali pa 192.168.1.50. Ndinathimitsa waifai pa foni n'kuyatsa data. Mdima. Ndinasintha manambala, ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso, mpaka mkazi wanga anafunsa ngati kamerayo tinaigulira akuba kapena ineyo.

Usiku wachitatu m'pomwe ndinayang'ana polembedwa WAN IP, adilesi yomwe kampani ya intaneti imapatsa rauta. Adilesi yake inkayamba ndi 100.72. Pamenepo ndinagwira pakamwa. Adilesi iliyonse yoyambira pa 100.64 kufika pa 100.127 imasonyeza kuti kampani yanu ya intaneti yakuikani kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri mukugawana adilesi imodzi yoonekera kunja. Zili ngati kutsegula chitseko cha kuchipinda kwanu pomwe geti la mpanda wonse ndi lokhoma, kiyi wake ali ndi wina. Rauta zoyendera simukhadi nthawi zambiri zimakhala choncho, ndipo ngakhale mutatsegula mapoti angati, wochokera kunja sangafike.

Poyamba ndinakwiya. Lero ndimati geti lija linandipulumutsa, chifukwa kamera yangayo inali ikadali ndi pasiwedi yomwe inabwera nayo, admin. Pa intaneti pali makina omwe usana ndi usiku amangogogoda pa adilesi iliyonse, kuyesa mapasiwedi a kufakitale omwewa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira makamera ndi marauta ankhaninkhani mwa njira imeneyi. Ndiye ndinene mosapsatira: kutsegulira kamera poti ndi nzeru yachikale, ndipo wokulangizani zimenezi popanda kufunsa za pasiwedi musamumvere. Kamera yoti anthu achilendo azionera pabalaza panu, bola kukhala opanda.

Apa ndikumbukirenso china chomwe chinandipusitsa nditagula kamera yachiwiri. Makamera ambiri otsika mtengo amamva waifai ya 2.4 GHz yokha, pomwe rauta zamakono zimaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Kamera inkangophethira kanyali kake, osalumikizika, kufikira nditapatsa 2.4 GHz dzina lakelake n'kuikanso foni pomwepo. Inu mwadutsa kale pamenepa, koma wina akuwerenga pano atanyamula kamera m'manja.

Nanga yanuyo yatani?

Ndikukhulupirira kuti mu pulogalamu ya pa foni munaiika kamerayo polemba adilesi yake, yoyamba ndi 192.168. Adilesi zoterezi zimagwira ntchito m'kati mwa netiweki ya m'nyumba mokha. Mukatuluka pageti foni imasiya waifai n'kuyamba data, ndipo nambala ija siilozanso kanthu.

Njira yabwino ndi yoti kamera izidziimbira yokha kunja. Imalumikizana ndi seva ya kampani yomwe inaipanga, foni yanu nayo imafika pa seva yomweyo, ziwirizi n'kupezana kumeneko. Popeza kulumikizanako kukuyambira m'nyumba, rauta ndi CGNAT sizitchinga. Zoona, mukudalira seva ya anthu ena, ndipo tsiku lomwe adzaitseke mudzadandaula. Amene zimenezi sizikumusangalatsa aike VPN kunyumba, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya m'nyumba uli kutali, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chitani izi muli pakhomo. Sinthani kaye pasiwedi ya kamera. Mu zoikamo zake pezani P2P, ena amalemba Cloud, muyatse, ndipo pasonyeze Online. Pakalembedwa Offline, onani Gateway: pakhale adilesi ya rauta yanu, monga 192.168.1.1, ndipo pa DNS mutha kulemba yomweyo kapena 8.8.8.8. Kenako ichotseni kamerayo mu pulogalamu ya pa foni, mutsegule akaunti, muiikenso pojambula QR yomwe ili pa thupi lake. Mu rauta fufutani mapoti ngati munatsegulako, muthimitsenso UPnP kuti kamera isadzitsegulire yokha.

Poyesa musavutike kupita patali: thimitsani waifai pa foni muli pampando pomwepo. Chithunzi chikamabwera modukaduka, vuto limakhala liwiro lotumizira la intaneti ya kunyumba, osati lolandirira. Chithunzi cha HD cha 1080p chimafuna pafupifupi 2 Mbps, komwe ndi kudya data yokwana 0.9 GB pa ola, kunyumba ndi pa foni pomwe. Mukakhala kunja sankhani chithunzi chopepuka cha SD m'malo mwa HD.