Andipatsa mphindi 10 zoti ndifotokoze pulani ya masiku 90 oyamba pa ntchito

"Zikomo achimwene. Andiitana ku intavyu ya umanejala wa nthambi pa bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa amabizinesi ang'onoang'ono. Akuti ndikalankhule kwa mphindi 10 za zomwe ndidzachite m'masiku 90 oyamba, ndipo ntchitoyo iyamba mu Januwale. Ndakhala ofesala wa ngongole zaka 6, koma zoima kutsogolo ndi masilaidi sindinachitepo. Ndiyambire pati?" Mayi wa ku Kasungu

Mayi, yambirani pa kalendala, masilaidi abwera pambuyo. Kuchokera pa 1 Januwale kufika pa 31 Malichi ndi masiku 90 ndendende, kupatula chaka chomwe Febuluwale ali ndi masiku 29. Mukachotsa Loweruka ndi Lamlungu mutsala ndi masiku 64 kapena 65. Chotsaninso tchuthi cha chaka chatsopano, cha Chilembwe pa 15 Januwale ndi cha pa 3 Malichi. Masiku ogwira ntchito enieni angopitirira pang'ono 60, ndipo sabata yoyamba imathera pa kulandira makiyi, kusainira mafomu ndi kudikira kuti akutsegulireni akaunti ya pa kompyuta. Pulani iliyonse yomwe ili ndi zinthu 15 zoti muchite yagwa kale musanaiwerenge.

Kenako onani kuti ndi miyezi yanji. Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula ndi njala. Ndalama za anthu zapita ku feteleza ndi fizi, malonda pa msika ndi ozizira, misewu ina njinga yamoto sidutsa, ndipo fodya ndi chimanga sizinayambe kubweretsa ndalama. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ngongole zimavuta kubwezedwa nyengo imeneyi. Akukufunsaniwo akudziwanso. Pulani yanu ikamveka ngati ingagwire chimodzimodzi mu Juni, adziwa kuti mwakopera penapake.

Ndipo ambiri amakoperadi. Pali kapangidwe kofala kogawa masiku 90 patatu: mwezi woyamba kuphunzira, wachiwiri kukonza mapulani, wachitatu kugwira ntchito. Kugawa patatuko kulibe vuto, nanunso mugawa choncho. Chomwe chimandinyansa ndi zomwe anthu amalongedzamo. "Ndidzakumana ndi onse okhudzidwa." "Ndidzalimbikitsa kugwirira ntchito limodzi." "Ndidzamvetsetsa chikhalidwe cha bungwe." Mawu amenewa angalankhule wofuna ntchito ya uhedi wa sukulu, wa ku chipatala, ngakhale wa pa filing'i siteshoni, osasintha liwu limodzi. Taganizani anthu anayi akhala pa tebulo kuyambira 8 koloko m'mawa, amva zomwezo kasanu, inu ndinu wachisanu ndi chimodzi, nsima ya masana ikuwaitana. Sakumvetserani. Akungodikira kuti mumalize.

Chomwe chingawadzutse ndi nambala imodzi yomwe imawasowetsa tulo. Pa ntchito yanuyi nambalayo ndi PAR 30, gawo la ndalama zomwe zili kunja lomwe lili m'manja mwa anthu ochedwa kubweza ndi masiku oposa 30. Pulani yonse imangidwe pa iyoyo. Zina monga kupeza makasitomala atsopano zilowe ngati zikuthandiza nambalayi, apo ayi zisiyeni.

Tiyerekeze kuti nthambi ili ndi K200 miliyoni kunja, ndipo ngongole zochedwa masiku oposa 30 zikukwana K24 miliyoni. Apa tikuwerenga ndalama yonse yotsala pa ngongolezo, osati gawo lokhalo lomwe munthu waphonya mwezi umenewo, ndipo pa intavyu muzinene choncho kuti amve kuti simukusokoneza ziwirizi. PAR 30 ndi 12 peresenti. Mabungwe ambiri amafuna ikhale pansi pa 5, ndiye mtima umakuuzani kuti mulonjeze 5. Werengani kaye. Kuti ifike pa 5 peresenti, K24 miliyoni itsike kufika pa K10 miliyoni. Mukunena kuti muchotsa K14 miliyoni m'masiku 60 ogwira ntchito, m'nyengo ya njala, pamalo pomwe simukudziwa ngakhale njira ya kwa amfumu. Munthu wa zachuma pa tebulopo achita masamu amenewa m'mutu inu musanasinthe silaidi. Lonjezo lomveka ndi lakuti nambalayi isakwere mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi itsike kufika pa 10, kutanthauza kuchotsa K4 miliyoni. Likuoneka laling'ono, koma mutha kuliteteza akakupanikizani.

Pali ukathyali wina womwe ndikufuna muutchule nokha iwo asanaufunse. PAR imatsika ngakhale wina asanabweze tambala. Mukabwereketsa K100 miliyoni yatsopano, K24 miliyoni ija mukuigawa ndi K300 miliyoni, ndipo papepala paoneka 8 peresenti. Imatsikanso mukafufuta ngongole zoipa m'mabuku, kapena mukazilembanso ndi masiku atsopano kuti zioneke ngati sizinachedwe. Manejala wofuna kukondweretsa mabwana pa pulobeshoni amathamangira njira zimenezi, kenako mu Juni ngongole zobwereketsedwa mwaphuma zija zimayamba kuwola. Nenani poyera kuti mudzapereka lipoti la nambala ziwiri, peresenti ndi makwacha enieni, komanso kuti ngongole zolembedwanso mudzaziwerenga padera. Chiganizo chimodzi chokhachi chimasonyeza zaka 6 zanu kuposa silaidi yonse ya mbiri yanu. Za mbiriyo, musaiikemo n'komwe. Mapepala anu ali nawo kale patsogolo pawo, n'chifukwa chake akuitanani.

Mwina mukuti, nanga manambala a nthambi yawo ndiwatenga kuti? Simuwapeza, ndipo iwo akudziwa kuti mulibe. Musapeke n'kumalankhula ngati ndi awo. Musatengenso manambala a komwe mukugwira panopa, chifukwa wonyamula zinsinsi za abwana ake kupita nazo ku intavyu akuonetsa zomwe adzawachite nawonso. Werengani chilengezo cha ntchitoyo mzere ndi mzere: ngati mawu okhudza kutolera ngongole abwera katatu, vuto lawo ndi lomwelo. Onani lipoti lawo la pachaka ngati amalitulutsa. Pitani pa nthambipo ngati munthu wofuna kudziwa za ngongole zawo, muone mitundu ya ngongole, chiwongoladzanja ndi kutalika kwa mzere, koma osayamba kufunsa antchito nkhani za m'kati. Ndiye pa silaidi lembani moonekera kuti manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo mudzawasintha sabata yoyamba mukaona mabuku.

Mwezi woyamba ndi pomwe muchedwepo polankhula, chifukwa ndi pomwe pamaonekera wodziwa ntchito. Osangoti ndidzaphunzira. Nenani chomwe mudzagwire ndi manja. Tsiku loyamba, kuwerenga ndalama za mu sefa pamodzi ndi amene akukusiyirani, nonse n'kusaina. Sabata yoyamba, kutulutsa mndandanda wa ngongole zochedwa, wogawidwa masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90 ndi oposa 90, komanso wogawidwa potengera ofesala aliyense. Kawirikawiri vuto silimwazikana mofanana, limaunjikana pa ofesala mmodzi kapena awiri, kapena pa msika umodzi. Kenako kusankha mafayilo 30 nokha, osati omwe akusankhirani, ndi kupita kumunda ndi ofesala aliyense tsiku lathunthu, kukaona ngati kasitomalayo alipodi ndiponso ngati malisiti ake akugwirizana ndi zomwe zili mu kompyuta. Kumeneko ndi komwe kumatulukira ngongole za anthu osaoneka, ngongole yomwe anasaina mayi koma ndalama anatenga wina, ndi ndalama zomwe zinatoleredwa koma sizinafike ku banki. Musanene kuti mukukayikira antchito awo. Nenani kuti simungalandire buku lomwe simunalitsimikizire.

Kagawidwe ka mphindi

Konzekerani mphindi 9, osati 10. Mantha ndi pulojekita zimadya yotsalayo. Polankhula Chingerezi mosathamanga munthu amatulutsa mawu pafupifupi 120 pa mphindi, ndiye zonse zisapitirire mawu 1,100, pa masilaidi 6.

Mphindi yoyamba: moni wachidule, kenako nambala ija ndi pomwe mukufuna ifike pa 31 Malichi. Mphindi imodzi ndi theka yotsatira: zomwe mukudziwa za bungwelo, zomwe mwangoyerekeza, ndi za nyengo. Mphindi ziwiri ndi theka: mwezi woyamba monga tafotokozera. Mphindi ziwiri: mwezi wachiwiri. Mphindi imodzi: mwezi wachitatu. Mphindi yomaliza: chomwe chingalepheretse pulaniyi ndi chomwe mukufuna kuchokera kwa iwo.

Mwezi wachiwiri ukhale ndi zosintha ziwiri zokha. Choyamba, kutseka pakhomo: ochedwa masiku 1 mpaka 30 asawolokere kutsidya, poimba foni tsiku loyamba lomwe munthu waphonya, kumuyendera pa tsiku lachitatu, ndi kamiting'i ka mphindi 15 m'mawa uliwonse komwe ofesala aliyense akutchula mayina omwe akawaone lero. Chachiwiri, kugawa ochedwa kale aja patatu, omwe alibiretu, omwe ali nazo koma sakufuna, ndi omwe analipira koma sizinalembedwe, chifukwa gulu lililonse lili ndi mankhwala ake. Mwezi wachitatu ndi wokonzekera zokolola: mapangano olembedwa ndi alimi a tsiku lomwe adzalipire akagulitsa, ndi lipoti kwa abwana cha pa tsiku la 85.

Mphindi yomalizayo anthu amaitaya pa "zikomo pondimvetsera" ndi silaidi ya maluwa. Inu tchulani chiopsezo chenicheni, monga chakuti mukatsimikizira mabuku mwezi woyamba PAR itha kukwera isanatsike, chifukwa zobisika zatuluka. Pemphani zinthu zodziwika: lipoti lomaliza la oditi, mafuta a njinga zamoto, ndi mphindi 30 ndi abwana anu masabata awiri aliwonse.

Kukula kwa zilembo pa silaidi kusachepere 24, mizere isapose isanu. Sungani fayilo ya PowerPoint ndi ina ya PDF pa fulashi, mudzitumizirenso pa imelo, ndipo sindikizani pulani yonse pa tsamba limodzi makope asanu, kuti magetsi akathima mungogawa mapepala n'kupitiriza. Yesererani mokweza, mutaima, ndi wotchi ya pa foni, kosachepera kasanu. Mukapyola mphindi 9 dulani mfundo, osati kuthamangitsa lilime. Komanso konzani yankho la funso lomwe limakonda kubwera mukangokhala pansi: ofesala yemwe ali ndi ngongole zoipa kwambiri ndi wamkulu kwa inu, wakhala pa nthambipo zaka 10, ndipo nayenso anafunsira ntchito yomweyi. Lolemba m'mawa mukamuuza chiyani?