Malipiro a holide ngati salale imasinthasintha

"Ndimagulitsa matabwa mushopu ku Luwinga, mwezi wina ndimalandira K130,000 wina mpaka K280,000 chifukwa cha komishoni. Ndalama ya holide aiwerengera bwanji?"

Achimwene, musalole kuti abwana angotenga mwezi womaliza, makamaka ngati holide mukupita nthawi ya mvula anthu atasiya kumanga. Tulutsani mapeyisilipi a miyezi 12 yapitayi muphatikize zonse, komishoni yomwe, koma ya thiransipoti imene amangokubwezerani ija musaikemo, imeneyo si malipiro. Tinene kuti zakwana K2,340,000.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amagawa ndi 365 ngati kuti Lamulungu mumagwiranso ntchito. Inu ngati mumagwira Lolemba mpaka Loweruka ndiye masiku 26 pamwezi, pachaka 312, ndiye 2,340,000 kugawa ndi 312 ikubwera K7,500 patsiku. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa masiku 18 a holide pachaka kwa ogwira masiku 6 pasabata, ogwira 5 ndi 15. Ndiye 7,500 kuchulukitsa ndi 18, yanu ndi K135,000.

Taonanitu, akatenga mwezi wa K130,000 uja patsiku ikhala K5,000, holide yonse K90,000, K45,000 yapita chonchi inu muli phee. Akagawa ndi 365 mupeza cha m'ma K115,000, mukangoona nambala ngati imeneyo dziwani kuti ndi zomwe achita.

China, ngati munajombapo osalipidwa, kaya sabata ziwiri munali kumudzi ku Rumphi, masiku 12 amenewo chotsani pa 312 musanagawe, apo ayi avaleji itsika mopanda chilungamo. Akakana kuwerengetsera nanu, tengani mapeyisilipiwo ku ofesi ya leba konkuno ku Mzuzu.