Sikirini imodzi, makompyuta awiri

"Achimwene, kuntchito andipatsa laputopu, pomwe patebulo pali kale desikitopu ija. Ndatopa ndi kuzula zingwe za monita, kiyibodi ndi mawusi tsiku lililonse. Mnzanga akuti ndigule KVM. Imagwira bwanji, ndipo ndigule yotani?"

Eya achemwali, ndaona uthenga wanu. Mnzanuyo wakuuzani zoona, gulani, koma musanapite kushopu muyambe mwamva izi.

KVM ndi kabokosi kakang'ono, kokwana m'dzanja. Monita, kiyibodi ndi mawusi mumazilumikiza kukabokosiko kamodzi basi, osazigwiranso. Ndiye kuchokera pakabokosi kupita ku kompyuta iliyonse pamapita zingwe ziwiri. Ziwiri, mumvetse pamenepo. China cha HDMI chonyamula chithunzi, china cha USB chonyamula kiyibodi ndi mawusi. Anthu ambiri amalumikiza cha HDMI chokha, chithunzi n'kubwera bwinobwino koma mawusi osayenda, n'kumati agula chinthu chakufa. Ayi, chingwe cha USB chija chatsala m'katoni. Zikakhala zonse m'malo mwake, mukadina batani pakabokosipo monita imada kamphindi, kenako yabwera kompyuta inayo. Mitundu yambiri imalolanso kusintha ndi kiyibodi: mumadina Scroll Lock kawiri mofulumira, kenako 1 kapena 2. Kapepala ka m'katoni kakuuzani za yanuyo.

Tsono chachikulu ndi mabowo. Tembenuzani monita, muone kumbuyo kwa desikitopu, muonenso m'mbali mwa laputopu. Ngati zonse zitatu zili ndi HDMI, nkhani yatha, gulani KVM ya HDMI ya makompyuta awiri. Koma desikitopu yanu ija ndi yakale ndithu, mwina ili ndi VGA yokha, bowo labuluu la timano 15 lija. Zikakhala choncho mufunika kosinthira kochoka ku VGA kupita ku HDMI, ndipo apa musamale, chifukwa timeneti timagwira mbali imodzi. Kochoka ku HDMI kupita ku VGA, komwe kamapezeka paliponse, sikakuthandizani ngakhale mano akulowa bwino. Kanu kakhale kolembedwa VGA to HDMI, kamabwera ndi kachingwe ka USB kokapatsa magetsi. Laputopu nayo ikakhala ndi USB-C yokha, dziwani kuti si bowo lililonse la USB-C limatulutsa chithunzi. Funsani a IT kuntchito kwanu ngati lanulo limatulutsa, musanawononge ndalama pa adaputala.

China choti muwerenge pakatoni ndi mawu akuti EDID emulation. Monita imadzidziwitsa ku kompyuta, kuti ine ndine wamkulu chonchi, ndimakwanitsa chithunzi chotere. Pa KVM yopanda zimenezi, mukasinthira ku desikitopu, laputopu imaona ngati monita yazulidwa. Mukabwerera mupeza Excel wanu wathawira pasikirini ya laputopu, mawindo afupika, mwayambanso kukonza. Kamodzi sizipweteka, koma inu muzisintha tsiku lonse. Yokhala ndi EDID imapitiriza kuuza makompyuta onse awiri kuti monita ilipo, ndiye zinthu mumazipeza pomwe munazisiya. Ine ndikanawonjezera ndalamayo apa. Za 4K musavutike nazo, monita yanu ndi ya 1920x1080, KVM ya HDMI wamba imakwanitsa.

Mukalumikiza, pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Second screen only ngati mukufuna kuyang'ana monita yaikulu yokha. Ngati muziitseka laputopuyo, pitani ku Control Panel, Power Options, pomwe palembedwa Choose what closing the lid does, muike Do nothing. Mukapanda kutero izigona mukangoitseka, monita n'kuda. Mukapeza kuti a kuntchito anatseka malo amenewo, ingoisiyani yotsegula.

Kiyibodi yanu ndi yopanda chingwe ija eti? Kachipangizo kake ka USB nthawi zina kamavuta pabowo lojambulidwa kiyibodi, zilembo kumadumpha kapena mawusi kumanjenjemera. Zikatero kasunthireni pabowo la USB wamba la kabokosiko. Mwina Scroll Lock isiya kusintha, muzingodina batani. Ndipo ngati kabokosi kali ndi polowetsera magetsi a 5V, lowetsani, makamaka mukaona kiyibodi ikuzimazima.

Fulashi ndiye chenjerani nayo. Ikakhala pa KVM, mukasintha kompyuta zili ngati mwaizula ndi dzanja. Mafayilo akukopedwa musadine batani, angawonongeke. Komanso kabokosika sikasamutsa kanthu pakati pa makompyuta, simungakope mawu uku n'kukamata uko. Zakuntchito zikhala pa laputopu, zakunyumba pa desikitopu.

Jambulani kumbuyo kwa monita, kwa desikitopu ndi mbali zonse ziwiri za laputopu, muponye pagulu pano madzulo ano. Ndikaona mabowowo ndikuuzani zingwe zoti mugule.