Ndalama za penshoni za kuntchito zakale sizikutsatirani zokha

"Ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayiveti ku Zomba zaka ziwiri, kenako ndinagwira ukalaliki chaka chimodzi ku Limbe. Konseko ankandidula ya penshoni. Tsopano ndayamba ntchito ku Lilongwe ndipo fomu imene andipatsa ikufuna nambala ya umembala. Ine sindikuidziwa. Ndilembetse yatsopano? Nanga zakalezo zikapezeka kuti?"

Achimwene, lembani fomuyo ndi kuibweza msanga, malo a nambalawo muwasiye osalemba, koma muuze a ofesi yoona za ogwira ntchito kuti munasonkhapo kale kwina. Kuno ku Malawi nambala ya umembala imaperekedwa ndi thumba la penshoni limene abwana anu anakulembetsani, ndipo imagwira ntchito m'thumba lomwelo basi. Matumbawa ndi angapo, oyendetsedwa ndi makampani monga NICO Pension Services ndi Old Mutual. Choncho n'kutheka kuti muli ndi manambala awiri kale, ndipo ya ku Lilongweyi ikhala yachitatu. Zimenezi si mlandu. Choopsa n'chakuti ndalama za ku Zomba ndi ku Limbe zikhalabe komwe zili mpaka inuyo mutapempha kuti zisamutsidwe. Palibe amene adzakuyambireni.

Yambani ndi kudziwa kumene zili. Fufuzani mapepala a malipiro akale aja, chifukwa ena amalembapo dzina la thumba kapena nambala ya membala. Ngati palibe, imbirani foni akawuntanti wa pa sukulu paja ndi wa ku Limbe, muwafunse kampani imene ankatumizako ndalama, dzina la sikimu yawo, kutanthauza dongosolo la penshoni la antchito awo, ndi nambala yanu. Abwana akale akamazengereza, kapena ngati kampaniyo inatsekedwa, pitani nokha ku makampani oyendetsa penshoni ndi chiphaso chanu cha unzika. Muwapatse dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, dzina la kumene munkagwira ntchito ndi zaka zimene munali kumeneko, ndipo akufufuzirani.

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chifukwa amauzidwa kuti dzina lawo silikupezeka. Kawirikawiri vuto limakhala kalembedwe. Pa sukulu anakulembani ndi dzina la pa satifiketi ya MSCE, ku Limbe analemba dzina la abambo anu ngati mfunda, ndipo tsiku lobadwa wina anangoyerekeza. Kwa woyendetsa thumba amenewo ndi anthu atatu osiyana. Mukafika tchulani kalembedwe konse kamene munagwiritsapo ntchito, ndipo akakupezani pemphani kuti akonze zonse zifanane ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB. Mayina akasiyana kwambiri angakupempheni kalata yolumbirira yotsimikiza kuti ndinu munthu mmodzimodzi. Kalatayo ndi yosavuta kupeza lero muli moyo. Imavuta kwambiri pamene akuifunafuna ndi mkazi wamasiye kapena ana.

Akakupezani, musafulumire kusayina fomu yosamutsira. Yambani mwapempha sitetimenti yoonetsa mwezi uliwonse umene ndalama zinalowa. Lamulo la penshoni la 2011 linalamula abwana kusonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchito naye 5 peresenti, ndipo lamulo latsopano la 2023 linasunga mlingo womwewo. Abwana ayenera kutumiza ndalamazo pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Komatu kudulidwa pa pepala la malipiro ndi kwina, kufika kwa ndalama ku thumba ndi kwinanso. Vuto la olemba ntchito amene amadula koma osatumiza ndi lodziwika m'dziko muno, ndipo Reserve Bank yakhala ikulidandaula poyera.

Tiyerekeze kuti pa sukulu paja malipiro amene ankawerengerapo penshoni anali K200,000 pa mwezi. Inu ankakudulani K10,000, sukulu inkayenera kuwonjezera K20,000, zonse pamodzi K30,000. Pa miyezi 24 zikanakwana K720,000. Tsono sitetimenti ikubwera, mukuwerenga mizere ya zosonkha n'kupeza 19 yokha, kutanthauza K570,000. Miyezi isanu, K150,000, sinafike. Muonetsetse kuti mukuwerenga mizere ya zosonkhazo, musangoyang'ana ndalama yonse ya pansi. Ya pansiyo imakhala itaphatikizidwa ndi phindu limene thumba lapanga, komanso atachotsapo zolipirira ntchito yoyendetsa, moti ikhoza kuoneka yokwanira pamene miyezi ina ikusowa. Dziwaninso kuti maalawansi ena sawerengedwa, ndiye mukawerengera pa ndalama yonse imene munkalandira mudzaganiza kuti akuberani pamene sizili choncho.

Mukapeza mpata wotere, funsani kaye woyendetsa thumba ngati ndalamazo zinafika koma n'kulephera kuikidwa pa dzina lanu. Zimachitika abwana akatumiza ndalama ya antchito onse pamodzi popanda mndandanda wa mayina, kapena mndandanda wolakwika. Zikatero chofunika ndi chakuti abwana akale atumize mndandanda wa miyezi imeneyo. Ngati ndalama sizinatumizidwe n'komwe, lemberani kalata mkulu wa sukuluyo, mutchule miyezi isanuyo umodziumodzi, muikepo mafotokope a mapepala a malipiro ndi a sitetimenti, ndipo kope yanu asayinirepo kuti alandira. Akapanda kuyankha, tengani mapepala omwewo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu komanso kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira za penshoni. Ngongoleyo ndi ya abwana, ndipo siitha chifukwa choti inu munasiya ntchito. Ine ndimalangiza kuti mutenge sitetimenti yonse musanasamutse kalikonse, chifukwa akaunti yakale ikatsekedwa kulondola miyezi yosowa kumatenga nthawi yaitali.

Kusamutsa kwenikweniko si kovuta. Dikirani mpaka thumba la ku Lilongwe litakupatsani nambala, zimene zimachitika abwana atsopano akatumiza dzina lanu. Kenako lembani fomu yosamutsira ku thumba lakale lililonse. Adzafuna chiphaso cha unzika, nambala yatsopanoyo, dzina la thumba lolandira, ndipo nthawi zambiri chitsimikizo cha abwana akale chakuti munachoka pa tsiku lakuti. Ndalama zimachoka ku thumba kupita ku thumba, sizidutsa m'manja mwanu. Ngakhale zitapezeka kuti kampani yoyendetsa ndi imodzimodzi, musaganize kuti aphatikiza okha, pakuti sikimu ya abwana aliyense imasungidwa payokha. Patapita miyezi iwiri kapena itatu pemphani sitetimenti ya thumba latsopano, muone mzere woonetsa ndalama zochokera kwina, ndipo muufananize ndi chiwerengero chimene thumba lakale linakuuzani potseka.

Anzanu ena akuuzani kuti mungotapa zakalezo mugule njinga yamoto. Lamulo limalola kutapa msanga kwa munthu amene wakhala pa ulova kwa nthawi yoikika, ndipo inu muli pa ntchito. Ndiponso ndalama ya zaka zitatu zoyambirira ndi imene ili ndi nthawi yaitali yoti iswane kuposa ina iliyonse imene mudzasonkhe.

Pamodzi ndi fomu yolembetsera akupatsani ina yotchula anthu odzalandira ndalamazi inu mutamwalira. Mwina ku Zomba munalemba amayi anu okha chifukwa munali musanakwatire. Lembani ya ku Lilongweyi molingana ndi banja lanu la lero, ndi mayina monga alili pa ziphaso zawo, ndipo mukonzenso za m'matumba akale aja kufikira ndalama zitasamuka.