Kabuku ka ntchito kodzaza, koma kosandiuza tsiku lomaliza

"Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikulemba m'kabuku ntchito imene ndagwira tsiku lililonse, monga mmene abwana anga anandilangizira. Kabukuko katsala pang'ono kudzaza, koma ndikafuna kukonza ndondomeko ya mwezi wotsatira sikandithandiza chilichonse, ndipo ndikupitirizabe kulonjeza masiku amene sindiwakwanitsa. Kodi ndikulakwitsa pati, kapena ndingosiya?"

Funso lanuli landikumbutsa manyazi amene ndinkayesa kuti ndinawaiwala, choncho mundilole ndiyambe ndi nkhani yangayi, chifukwa yankho lanu lili mkati mwake. Ntchito yanga ndi yomasulira zolemba, ndipo kwa zaka ziwiri zoyambirira ndinali ndi kabuku kamene ndinkakasamala kwambiri, kolembedwa mwaukhondo madzulo aliwonse ndisanaweruke. Pa tsamba la Lolemba pankalembedwa kuti "Ndamasulira lipoti", pa la Lachiwiri kuti "Ndapitiriza lipoti", ndipo pa la Lachitatu kuti "Lipoti, msonkhano, makalata". Munthu wina akanakatsegula akanati mwini wake ndi wakhama, ndipo sakanalakwitsa, koma umboni wa khama ndi chinthu chokhacho chimene kabukuko kankapereka.

Tsiku lina anandibweretsera chikalata cha masamba 60 ndi kundifunsa kuti ndichimaliza liti. Ine ndinkadziwa, kapena ndinene kuti ndinkakhulupirira, kuti ndimamasulira masamba 10 pa tsiku, motero ndinawerengera masiku 6, ndikuwonjezerapo awiri podzitcha wochenjera, ndipo ndinalonjeza masiku 8. Ntchitoyo inatha pa tsiku la 15. Masiku asanu ndi awiri owonjezerawo ndinawatha ndikupepesa pa foni, ndipo mayi amene anandipatsa ntchitoyo, ngakhale sanandikalipire, anandifunsa modekha kuti, "Kodi achimwene, masiku 8 aja munawatenga kuti?" Ndinasowa choyankha. Madzulo ake ndinatsegula kabuku kanga kuti ndione pamene nthawi inathera, ndipo ndinapeza mawu akuti "lipoti" atalembedwa kakhumi ndi kasanu, popanda nambala ngakhale imodzi.

Ndinayambanso mwatsopano, ndipo ulendo uno ndinasiya kulemba madzulo. Kabuku ndinakaika potsegula pambali pa kompyuta, ndipo ndikayamba chinthu ndinkalemba nthawi, ndikachisiya ndinkalembanso nthawi pamodzi ndi kuchuluka kwa zimene ndachita. Mzere umodzi unkaoneka chonchi: "8:10 mpaka 9:40, kumasulira tsamba 12 ndi 13, ndimayembekezera ola limodzi, ndachedwa ndi mawu a zamalamulo pa tsamba 13." Wotsatira unkati: "9:40 mpaka 10:25, foni ndi kuyankha makalata." Ndinachita zimenezi kwa masabata 6, ndipo nditawonkhetsa, manambala atatu anatuluka amene sindinawakonde. Loyamba linali lakuti tsamba limodzi limanditengera pafupifupi mphindi 45 kulimasulira koyamba. Lachiwiri linali lakuti kuliwerenganso ndi kulikonza kumatenga mphindi zina 15, ntchito imene m'mutu mwanga sindinkaiwerengera konse, ngati kuti imachitika yokha. Lachitatu, limene linandipweteka kuposa onse, linali lakuti pa maola 8 amene ndinkakhala pa desiki, maola anayi ndi theka okha ndiwo ankapita ku kumasulira, ndipo otsalawo ankathera ku makalata, mafoni, misonkhano ndi tizinthu tina timene palibe amene amatikumbukira akaweruka.

Tsopano werengerani nane. Ngati tsamba limodzi limadya ola lathunthu kufikira litakonzedwa, chikalata cha masamba 60 chimafuna maola 60, ndipo mukawagawa ndi maola anayi ndi theka a tsiku lililonse, mupeza masiku 13 ndi kachidutswa. Onjezanipo masiku awiri amene ndinakhala ndikudikira kuti eni chikalata andifotokozere ndime zina zosamveka, ndipo mwafika pa masiku 15 aja. Palibe tsoka limene linandigwera m'masiku amenewo. Ndinagwira ntchito pa liwiro langa la masiku onse, kungoti liwirolo sindinkalidziwa. Nanga masamba 10 aja anachokera kuti? Ndinazindikira kuti linalipodi tsiku limodzi limene ndinamasulira masamba 10, chikalata chosavuta, ndili ndekha, maola asanu ndi awiri ndi theka popanda wondisokoneza, komanso osawerenganso zimene ndalemba. Mutu wanga unasunga tsiku lokomalo, n'kutaya masiku ena onse.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti vutoli si langa ndekha. Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu, a Daniel Kahneman ndi a Amos Tversky, analifotokoza m'chaka cha 1979, kuti munthu akamayerekezera nthawi ya ntchito yake amayang'ana mmene akufunira kuti iyendere, osati mmene ntchito zofanana nayo zinayendera m'mbuyomo. M'chaka cha 1994, a Roger Buehler ndi anzawo anafunsa ophunzira a pa yunivesite kuti amaliza liti kulemba kafukufuku wawo womaliza. Ophunzirawo ananena masiku pafupifupi 34, koma anatenga masiku pafupifupi 55. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti anthu amenewa sanali achilendo pa ntchito yolemba, ndipo ayenera kuti anachedwapo kale kangapo, koma kukumbukira kokha sikunawapulumutse.

Pachifukwa chimenechi, ine ndafika poumitsa mtima pa nkhaniyi, ndipo ndikunena mosapsatira kuti kabuku kamene kalibe nthawi yoyambira ndi yomalizira, kalibe kuchuluka kwa zimene zachitika, ndiponso kalibe nthawi imene munkayembekezera, si kabuku kothandiza kukonza ndondomeko. Kangathe kukuthandizani pamene abwana afunsa zimene munachita Lachinayi, ndipo zimenezo si zonyozeka, koma ndi ntchito ina. Ndikukayikira kuti uphungu umene munalandira unali wa mtundu umenewu, chifukwa woyang'anira amafuna kudziwa ngati ntchito inagwiridwa, pamene inu mukufuna kudziwa kuti ntchito ngati imeneyi idzadya nthawi yaitali bwanji ikadzabweranso. Mafunso awiriwa safuna zolemba zofanana, ndipo kabuku kolembera maso a munthu wina kamayamba kunama msanga, chifukwa palibe amene amalemba kuti anatha mphindi 50 akufunafuna fayilo yotayika ngati akudziwa kuti Lachisanu abwana adzawerenga. Ngati malamulo a kuntchito kwanu amafuna lipoti la tsiku ndi tsiku, sungani kabuku kanu panokha ndi kutapamo lipotilo.

Sindigwirizananso ndi amene amati chofunika ndi kupeza pulogalamu yabwino ya pafoni. Ndinayesapo ziwiri, ndipo zonse zinkawerenga mphindi molondola, koma ndinkaiwala kuimitsa wotchi yake, moti tsiku lina inandilembera kuti ndamasulira tsamba limodzi kwa maola 14. Amalinyero akale analibe zipangizo zotere, koma ankatha kudziwa pamene chombo chili pakati pa nyanja, chifukwa ankalemba m'buku liwiro la chombo, kumene chalunjika ndi nthawi imene chayenda, ndipo ankalemba pa nthawi zoikika ulendo uli mkati, osati atafika pa doko. Kunalinso katswiri wa tizilombo wa ku Russia, a Alexander Lyubishchev, amene analemba maola ndi mphindi za ntchito yawo kuyambira mu 1916 kufikira imfa yawo mu 1972, ndipo ankawonkhetsa mwezi ndi mwezi komanso chaka ndi chaka pofuna kukonza ndondomeko yotsatira. Sindikukulimbikitsani kuti muchite zaka 56 monga iwo, ine sindingakwanitse, koma taonani kuti mphamvu ya njira yawo inali pa kuwonkhetsako, chinthu chimene ndikuganiza kuti inu simunachitepo chiyambire, monganso ine sindinachite kwa zaka ziwiri.

Mmene mungadziwire kuti kabuku kayamba kunama

Chizindikiro choyamba ndi manambala osalala. Mukaona kuti mizere yonse ikunena ola limodzi, maola awiri kapena theka la ola, dziwani kuti mwabwerera ku chizolowezi cholemba madzulo kuchokera m'mutu, chifukwa ntchito yeniyeni imatha pa 9:40 kapena 11:05. China ndi chakuti maola a tsiku lililonse akukwana 8 ndendende popanda mpata uliwonse, zimene zimatanthauza kuti nthawi ya zosokoneza mwaibisa mkati mwa ntchito zikuluzikulu, ndipo liwiro limene mudzapeze lidzakhala lolakwika. Ine ndikaiwala kulemba, ndimangoika mzere wakuti "11:00 mpaka 12:15, sindikudziwa", ndipo mizere yotereyi ndimaiwonkhetsanso payokha.

Muyeneranso kudziwa pamene kabuku kamalekezera. Nditapeza manambala anga aja, inabwera ntchito ya masamba 36. Ndinawerengera maola 36, ndinagawa ndi anayi ndi theka n'kupeza masiku 8, ndinawonjezera awiri odikira mayankho, ndipo ndinalonjeza masiku 10. Mwini ntchito anadandaula kuti ndi ambiri, koma ndinaipereka m'mawa wa tsiku la 10, ndipo ndinadzimva ngati munthu amene wapeza mankhwala. Mwezi wotsatira ndinagwiritsa ntchito manambala omwewo pa chikalata cha mgwirizano wa zamalamulo, ndipo ndinachedwanso, chifukwa tsamba lililonse linadya pafupifupi maola awiri. Kabuku kanali katandichenjeza kale pa mzere uja wa tsamba 13, koma ndinasakaniza mitundu yonse ya zolemba m'nambala imodzi. Kuyambira pamenepo ndimalemba mtundu wa ntchito pa mzere uliwonse, ndipo ntchito ya mtundu umene sindinaugwirepo sindiilonjeza tsiku ndisanagwireko kachigawo kochepa ndi kuona nthawi imene kanditengera.

Choncho musasiye, koma musinthe zimene mumalemba. Pa mzere uliwonse ikani nthawi yoyambira ndi yomalizira, mtundu wa ntchito, kuchuluka kwake m'chinthu chowerengeka monga masamba, mafomu kapena makasitomala, nthawi imene munkayembekezera musanayambe, ndi chimene chakuchedwetsani ngati chilipo. Lachisanu lililonse patulani mphindi 20 zowonkhetsa maola a mtundu uliwonse wa ntchito, maola a zosokoneza ndi masiku odikira anthu ena, ndipo musakhulupirire manambalawo kufikira patatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Kabuku ka miyezi itatu kaja musakataye, chifukwa ngakhale kalibe maola, mungathe kupezamo tsiku limene ntchito inatchulidwa koyamba ndi tsiku limene inatchulidwa komaliza, ndipo masiku a pakatiwo muwayerekezere ndi amene munalonjeza.