Chidule cha sabata yathunthu si cha usiku womaliza

"Achimwene, ndili Fomu 4 ndipo mayeso a MANEB ayandikira. Ndikati ndifupikitse manotsi, amatuluka masamba ambirimbiri. Kodi chidule chizitalika bwanji kukatsala sabata imodzi, nanga usiku woti mawa ndikulemba?"

Mng'ono wanga, kukatsala sabata, mutu umodzi ukwane pa tsamba limodzi la kope. Usatsike kuposa apo, chifukwa nthawi yomvetsa zomwe zikukuvuta ikadalipo, ndipo chidule chako chiyenera kusunga mawu akuti "chifukwa" ndi "motero". Mawu amenewa ndi amene amabweretsa malikisi pa mafunso ofuna kufotokoza.

Titenge mutu wa John Chilembwe. Pa tsamba lako ulemba kuti anapita ku Amereka ndi Joseph Booth mu 1897, nabwerako mu 1900 kudzakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Kenako zifukwa zoukira, chilichonse m'chiganizo chathunthu: anthu a pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero ankagwira thangata, ndiye kuti ntchito yolipirira malo omwe ankakhalapo. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankawazunza ndiponso sankalola matchalitchi a PIM pamalopo. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba mu 1914, anthu akuda ankatengedwa kukafera nkhondo ya azungu, motero Chilembwe analemba kalata yodandaula. Pansi pake uike zomwe zinachitika pa 23 Januwale 1915, imfa yake pa 3 Febuluwale, ndi chifukwa chake kuukirako kunalephera. Tsamba likasefukira, dziwa kuti ukukopera buku, sukufupikitsa.

Usiku womaliza, mutu womwewo ukwane pa kapepala kosaposa chikhatho chako:

Booth 1897. PIM 1900. Thangata, Livingstone, nkhondo. 23 Januwale 1915.

Basi. Kapepala aka sikakuphunzitsa kanthu, ntchito yake ndi kudzutsa zomwe zili kale m'mutu. Werenga liwu limodzi, monga "thangata", yang'ana kumbali, ndipo ufotokoze mokweza ngati ukuuza mnzako. Zikatuluka ziganizo ziwiri kapena zitatu, pitirira. Pakamwa pakauma, bwerera ku tsamba la sabata lija, uwerenge ndime yokhayo, osati buku lonse.

Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi ana amene amabwereka kapepala ka mnzawo, kapena amene amayamba ndi kachidule kakang'ono kudakali sabata. Amaloweza "Magomero" bwinobwino, koma funso likati fotokozani zomwe zinachititsa kuukira, amangondandalika mayina. Liwu lija linali ndi nkhani kumbuyo kwake m'mutu mwa amene analilemba, osati mwa iwo. N'chifukwa chake kapepala ka usiku uzikadula kuchokera pa tsamba lako lomwe, utalibwereza kangapo m'kati mwa sabatayo.

Masamu ndi osiyana pang'ono: m'sabatamo, mtundu uliwonse wa samu ukhale ndi chitsanzo chimodzi chosovedwa sitepe ndi sitepe. Usiku womaliza usiye mafomyula okha ndi malo amene umakonda kulakwitsa. Ndipo kapepalako ukasiye kunyumba, kasapezeke m'thumba polowa m'chipinda cha mayeso.